Kusiyanitsa asidi wamphamvu ndi wofooka, ndi kuona chimene pH imayezadi

Pa tebulo pali makapu awiri, onse ali ndi madzi oyera mbee. Mwaviika pepala loyezera pH m'kapu yoyamba, laonetsa 3. Mwaviika lina m'kapu yachiwiri, nalonso laonetsa 3. Munthu angaganize kuti asidi wa m'makapu awiriwa ndi wofanana. Koma mukayamba kudonthezamo alikali kuti muthetse asidiyo, kapu yoyamba ikugonja ndi madontho asanu okha, pamene yachiwiri ikumeza madontho pafupifupi 500 isanagonje. Pepala silinaname. Langoyankha funso lina, losiyana ndi lomwe munali nalo mumtima.

Malangizo ali m'munsiwa akuthandizani kukonza makapu awiriwo ndi manja anu, pogwiritsa ntchito asidi wa haidrokoloriki ndi viniga wa m'sitolo. Ntchito yonse ikhoza kutheka m'labotale ya kusekondale pa maola awiri.

Mawu awiri omwe amasokoneza

Tikamati asidi ndi "wamphamvu" sitikunena kuti ndi wosasungunula, ndipo tikamati "wofooka" sitikunena kuti wathiridwa madzi ambiri. Kunyumba timalankhula choncho ndithu: tiyi akachepa masamba timati wafooka. M'kemisitiri mawuwa akunena za khalidwe la asidiyo akalowa m'madzi.

Molekyulu iliyonse ya asidi imanyamula haidrojeni yemwe ingathe kumutaya. Ikamutaya, amayandama m'madzi ngati ayoni yolembedwa H⁺. Asidi wa haidrokoloriki, HCl, akangolowa m'madzi amataya haidrojeni wake pafupifupi yense nthawi yomweyo. Ndiye wamphamvu. Asidi wa m'viniga, wotchedwa etanoiki kapena asetiki, amaumira naye haidrojeni wake. Pa mlingo womwe tigwiritse ntchito pano, mwa mamolekyulu 1,000 alionse, 13 okha ndiwo amakhala atataya. Ena onse 987 amakhala akadamugwira. Ndiye wofooka. Ndipo 13 amenewo si omwewomwewo nthawi zonse: ena akutaya, ena akutolanso, koma chiwerengero chikukhala pomwepo.

Kuchuluka kwa asidi m'madzi ndi nkhani ina. Timakuyeza m'mamolo pa lita, ndipo timalemba mol/L. Molo ndi chiwerengero chokhazikika cha mamolekyulu, monga momwe dazeni imakhalira 12 kaya ndi mazira kaya ndi mabotolo. Choncho maasidi awiri akakhala pa 0.1 mol/L, ndiye kuti mu lita imodzi muli mamolekyulu ofanana kuchuluka. Apa ndiye poyambira pathu.

Zofunika kukonza

Pezani asidi wa haidrokoloriki wa 1 mol/L, wosungunula kale, yemwe amakhala pa shelefu m'labotale. Musatsegule botolo la asidi wosasungunula lija lotulutsa utsi. Ameneyo ngwa mphunzitsi kapena woyang'anira labotale. Pezaninso viniga woyera wolembedwa 5 peresenti pa botolo. Viniga wakuda kapena wofiirira amadetsa pepala loyezera, mtundu wake osawerengeka.

Alikali wathu ndi sodiyamu haidrokosaidi, NaOH, wa 0.1 mol/L. Ngati palibe wokonza kale, sungunulani galamu 1.0 m'madzi ochepa, kenako onjezani madzi mpaka zonse zikwane mamililita 250. Ameneyu ndi soda wa kositiki wopangira sopo uja, osati soda wophikira therere. Amawotcha khungu, ndipo m'maso amawononga msanga kuposa asidi wosungunulayu. Yezani mofulumira ndi kutseka chitini, chifukwa timibulu take timayamwa chinyezi cha mumpweya tikadali pa sikelo.

Zotsalazo ndi pepala loyezera pH lokhala ndi tchati chake cha mitundu kapena mita ya pH, fenofutalini pang'ono, womwe ndi utoto wosanduka pinki mu alikali, silinda yoyezera ya mamililita 100, byureti kapena jakisoni wa mamililita 10 wochotsa singano, makapu agalasi asanu ndi atatu, kandodo kotakasira, ndi magalasi oteteza maso.

Madzi akhale otcheza, a disitilidi. Pa zonse zomwe tatchulazi, apa ndi pomwe anthu ambiri amalakwitsa. Madzi a pamjigo nthawi zambiri amakhala ndi mchere wa baikaboneti wochokera m'miyala, ndipo mcherewu umadya asidi. Mu kapu ya 0.1 mol/L simungazindikire kanthu, koma mu kapu yosungunula kwambiri ya 0.001 mol/L madzi otere akhoza kumaliza asidi yense, pepala n'kuonetsa 6 kapena 7 pomwe mumayembekeza 3. Ngati kusukulu kulibe, madzi otcheza othira m'batire ya galimoto, omwe amagulitsidwa m'malo omwetsera mafuta, agwira ntchito. Werengani botolo kawiri: asidi wa batire amagulitsidwa m'mabotolo ofanana nawo, ndipo ameneyo ndi salifiyuliki woopsa.

Valani magalasi musanatsegule botolo lililonse. Posungunula, madzi aziyamba kulowa m'kapu, asidi pambuyo. Kanthu kakagwera m'maso, tsukani ndi madzi oyenda kwa mphindi zosachepera 15, kenako pitani kuchipatala.

Gawo loyamba: ikani maasidi awiri pa mlingo umodzi

Thirani madzi okwana pafupifupi mamililita 50 mu silinda, onjezani mamililita 10 a haidrokoloriki wa 1 mol/L, kenako dzazani madzi mpaka pa mzere wa 100. Takasani, khuthulirani m'kapu, lembani A1. Ameneyu ndi 0.1 mol/L.

Viniga wa 5 peresenti ali ndi magalamu pafupifupi 50 a asidi mu lita. Molo imodzi ya asidiyu imalemera magalamu 60, ndiye 50 kugawa ndi 60 zikupereka 0.83 mol/L. Kuti atsike kufika pa 0.1, tsukani silinda, yezani mamililita 12 a viniga, dzazani madzi mpaka pa 100. Lembani B1.

Tsopano yezani pH. Musaponye pepala lonse m'kapu, chifukwa utoto wake umasukulukira m'madzimo. Ng'ambani kachidutswa, kaikeni pa mbale yoyera youma, dontezanipo dontho limodzi ndi kandodo, ndipo yerekezani ndi tchati nthawi yomweyo pamalo owala. Pepala likayamba kuuma mtundu umasintha.

A1 aonetsa pH 1. B1 aonetsa pafupifupi 3, ndipo mita yabwino ilemba 2.9. Mamolekyulu a asidi ndi ofanana kuchuluka m'makapu onse awiri, koma pH yasiyana ndi masitepe pafupifupi awiri.

Nambalayi ikuchokera kuti

Muyeso wa pH anauyambitsa Søren Sørensen mu 1909, akugwira ntchito ku labotale ya Carlsberg mumzinda wa Copenhagen ku Denmark. Maayoni a haidrojeni amasiyana kuchuluka mochititsa mantha, kuyambira 0.1 mpaka 0.0000001 ndi kutsikirabe, ndiye kulemba maziro onsewo kunali kotopetsa. Njira yake ndi iyi:

```
pH = -log[H⁺]
```

Chizindikiro [H⁺] chikuimira maayoni a haidrojeni omasuka, mu mol/L. Mwachidule, pH ikuwerenga malo omwe nambala yatsetserekera kumanja kwa kadontho: 0.1 ndi pH 1, 0.01 ndi pH 2, 0.001 ndi pH 3. Sitepe imodzi ndi kusiyana kwa ka 10, masitepe awiri ka 100, ndipo nambala ikamatsika ndiye kuti maayoni akuchuluka.

Mu A1 mamolekyulu onse ataya haidrojeni, choncho [H⁺] ndi 0.1 yemweyo ndipo pH ndi 1. Kwa asidi wamphamvu wotaya haidrojeni mmodzi, masamu athera pomwepo.

Mu B1 tiyenera kudziwa kuumira kwa asidiyo. Asidi wofooka aliyense ali ndi nambala yake yotchedwa Ka, ndipo ya asidi wa m'viniga ndi 0.000018 pa kutentha kwa madigiri 25. Ka ikachepa, asidi ndi woumira kwambiri. Ngati omasukawo ali ochepa poyerekeza ndi asidi yense, njira yachidule iyi imakwana, C akuimira kuchuluka kwa asidi:

```
[H⁺] = √(Ka × C)
[H⁺] = √(0.000018 × 0.1) = 0.0013
pH = -log 0.0013 = 2.9
```

Gawani 0.0013 ndi 0.1 mupeza 1.3 peresenti, omwe ndi 13 pa 1,000 aja. Gawaninso 0.1 ndi 0.0013 muona kuti A1 ali ndi maayoni omasuka ochuluka pafupifupi ka 75 kuposa B1. Asidi wotsala mu B1, yemwe ndi 98.7 peresenti ya asidi yense, pepala silikumuona n'komwe. Lili ngati munthu wowerenga ufa womwe uli m'lichero, osadziwa za chimanga chodzaza m'nkhokwe kuseri kwa nyumba.

Gawo lachiwiri: sungunulani ka 10, kenako ka 10 kenanso

Tengani mamililita 10 a A1, dzazani madzi mpaka 100, lembani A2. Kuchokera mu A2 tengani mamililita 10, dzazaninso mpaka 100, lembani A3. Chitani chimodzimodzi ndi viniga kuti mupeze B2 ndi B3. Tsukani silinda ndi madzi otcheza kawiri pakati pa kusungunula kulikonse. Dontho limodzi la A1 lotsalira m'silinda limawonjezera asidi wa A3 ndi pafupifupi 5 peresenti, ndipo likagwera mu B3 limasokoneza kwambiri kuposa pamenepo. Poyeza, yambani ndi kapu yosungunula kwambiri kumapita ku yosasungunula, kuti kandodo kasanyamule asidi wambiri kukamuika mwa wochepa.

Haidrokoloriki ayenda sitepe yathunthu nthawi iliyonse: 1, 2, 3. Maayoni onse anali kale panja, ndiye madzi akachuluka ka 10, iwo achepa ka 10.

Viniga ayenda theka la sitepe: 2.9, 3.4, 3.9. Chifukwa chake n'chakuti madzi akachuluka, ayoni yomwe yatayidwa sikumana msanga ndi mwini wake kuti itoledwenso, choncho mamolekyulu ena ochokera m'nkhokwe muja amamasula haidrojeni wawo kudzabwezeretsa gawo la zomwe zachepa. Mu B1 omasuka anali 1.3 peresenti, mu B2 afika pafupifupi 4 peresenti, mu B3 apitirira 12 peresenti. Asidi wofooka akamasungunulidwa, gawo lomwe likumasuka limakula, ngakhale maayoni onse pamodzi akuchepa.

Iyi ndi njira yosavuta yodziwira asidi yemwe botolo lake lafufutika dzina, bola akhale wosungunula kale ndipo mphunzitsi wavomereza. Kuyeza pH kamodzi sikukuuzani ngati ndi wamphamvu kapena wofooka. Msungunuleni ka 100 ndi kuyezanso: pH ikakwera ndi 2 ndi wamphamvu, ikakwera ndi 1 yokha ndi wofooka. Tikuti ka 100 osati ka 10 chifukwa pepala wamba silitha kusiyanitsa theka la sitepe, ndipo 2.9 ndi 3.4 amaoneka ngati mtundu umodzi.

Dziwaninso kuti njira yachidule ija imayamba kuphonya asidi akasungunuka kwambiri. Pa B3 imapereka 3.87 pomwe yankho lenileni ndi 3.90. Kuphonyako n'kochepa, koma kukukula, chifukwa omasuka salinso ochepa monga momwe njirayo imaganizira.

Gawo lachitatu: werengani asidi yense

Apa ndi pomwe nkhokwe itsegulidwe. Alikali amagwira ayoni ya haidrojeni iliyonse yomwe wapeza n'kuisandutsa madzi. Mu asidi wofooka, omasuka akangogwidwa, ena amamasuka kudzalowa m'malo mwawo, nawonso n'kugwidwa, mpaka molekyulu yomaliza. Choncho alikali amawerenga asidi yense, womasuka ndi womangika yemwe.

Yezani mamililita 25 a A1 m'kapu yoyera, dontezani madontho awiri a fenofutalini. Madzi akhalabe opanda mtundu. Ikani pepala loyera pansi pa kapu. Tsukani byureti ndi alikali pang'ono, idzazeni, ndipo tulutsani kathovu ka mpweya komwe kamabisala kunsonga. Thirani alikali mililita imodzi imodzi uku mukugwedeza kapu. Mukayandikira mapeto muona kamtambo ka pinki kakutuwira pomwe dontho lagwera n'kuzimirira mukagwedeza. Kuyambira pamenepo pitani dontho limodzi limodzi. Imani pomwe pinki wotuwa wakhala osachoka kwa masekondi 30. Muwerenga pafupifupi mamililita 25.

Bwerezani ndi mamililita 25 a B1. Ophunzira ambiri amalosera kuti viniga afuna alikali wochepa, poti ndi wofooka. Muwerenganso pafupifupi mamililita 25.

Mukapeza 23 kapena 27 pa viniga, musafulumire kunena kuti mwalakwitsa. Nambala ya pa botolo ndi yongoyerekeza, ndipo alikali wanu akhoza kukhala wofookerapo ngati timibulu tinayamwa chinyezi. Gwiritsani ntchito A1 ngati muyeso: ngati A1 anafuna 25 koma B1 wafuna 27, ndiye kuti viniga wanu anali 5.4 peresenti, pakuti 27 kugawa ndi 25 kuchulukitsa ndi 5 ndi 5.4. Pa pepala la pH kusiyana kumeneku sikungaoneke, chifukwa pH imangosuntha ndi 0.02. N'chifukwa chake wofuna kudziwa kulimba kwa viniga amayeza ndi alikali, osati ndi pepala.

Tsopano makapu awiri a poyamba paja. Ikani A3 pambali pa B1. A3 ali pa pH 3.0, B1 pa 2.9, ndipo pepala likuwapatsa mtundu umodzi. Yezani mamililita 25 a A3, ikani fenofutalini, dontezani alikali mowerenga. Pa dontho lachisanu, kapena lachisanu ndi chimodzi ngati madzi anu anayamwa mpweya wambiri, pinki wafika. Madontho 20 amapanga pafupifupi mililita imodzi, ndiye A3 wafuna kota ya mililita, pomwe B1 anafuna mamililita 25. Pa pH yofanana, m'modzi ali ndi asidi wochuluka ka 100 kuposa mnzake.

Ngati muli ndi mita, pali chinthu china chokoma kuchiona. Bwerezani ndi B1, koma imani mutathira theka la alikali, mamililita 12.5. Mita ilemba pafupifupi 4.8. Pamenepo theka la mamolekyulu lataya haidrojeni, theka likadali naye, ndipo pH imafanana ndi nambala yotchedwa pKa, yomwe ndi -log Ka, kapena pafupifupi 4.75 pa asidi wathuyu. Mwayeza kuumira kwa asidi popanda buku. Onjezani mililita ina, muona kuti pH ikungosuntha pang'ono kwambiri, pakuti asidi wofooka wosakanizika ndi mchere wake amakana kusintha. Chosakaniza chotere chimatchedwa bafa. Pa A1, theka la alikali limangokweza pH kuchoka pa 1 kufika pa 1.5, kenako pafupi ndi mapeto pH imalumpha kuchoka cha pa 4 kufika cha pa 10 ndi dontho limodzi kapena awiri.

Pa viniga musagwiritse ntchito mefilo olenji m'malo mwa fenofutalini. Iye amasintha mtundu pakati pa pH 3.1 ndi 4.4, ndipo viniga amadutsa pamenepo alikali asanafike n'theka lomwe, mtundu n'kumasintha mozemba popanda poimira penipeni. Viniga amathera pa pH pafupifupi 8.7, osati 7, chifukwa mchere womwe watsala uli ndi kaalikali pang'ono. Fenofutalini amayamba kuonetsa pinki cha pa 8.2, ndiye akugwirizana nazo.

Ngati pali magineziyamu

Dulani tizidutswa tiwiri ta riboni ya magineziyamu, sentimita imodzi kalikonse, tipaleni ndi sandipepala mpaka tiwale, ndipo ponyani kamodzi mu mamililita 20 a A1, kena mu mamililita 20 a B1. Mu A1 thovu liyamba msanga ndi mwamphamvu. Mu B1 lituluka mwaulesi, koma mukapirira kachidutswako katha ndithu. Liwiro likutsatira maayoni omasuka, pomwe kuchuluka kwa chitsulo chomwe asidi angadye kukutsatira asidi yense. Mukapanda kupala, chikutu chotuwa cha pamwamba chimachedwetsa zonse ziwiri ndipo kusiyana kumabisika. Mpweya wotulukawo ndi haidrojeni, umayaka, choncho pasakhale moto pafupi.

Zomwe pH singakuuzeni

Singakuuzeni kuopsa. Asidi wa haidrofuloriki ali m'gulu la ofooka, koma amadya galasi, ndipo akakhudza khungu amalowa mkati mpaka kuwononga mafupa. Asidi wa m'viniga yemweyu, akakhala wosasungunula m'botolo la m'labotale, amawotcha khungu ndi maso. Kumbali ina, haidrokoloriki wa mu A3 ndi wamphamvu dzina lokha, pakuti madzi a mandimu, omwe asidi wake wa sitiriki ndi wofooka, ali ndi pH yotsika kuposa iyeyo, pakati pa 2 ndi 3.

pH ya asidi singapitirire 7 ndi madzi okha. Wina akhoza kupitiriza masamu a gawo lachiwiri n'kunena kuti kusungunula ka 10 maulendo asanu ndi awiri kufikitsa haidrokoloriki pa pH 8. Sizingatheke kuti asidi asanduke alikali chifukwa chothira madzi. Madzi enieniwo amamasula maayoni awo okwana 0.0000001 mol/L, ndipo asidi akachepa kufika pamenepo, a madziwo ndiwo amalamulira. Pa masamu pH imayandikira 7 osaidutsa. Pa tebulo mudzaona ikuima cha pa 5.6 mpaka 6, chifukwa madzi otcheza akakhala pamtunda amayamwa mpweya wa kaboni dayokosaidi, womwe umapanga asidi wofooka. Mukayeza madzi anu otcheza n'kupeza 6, sikuti ndi oipa.

Nayonso 7 imakhala malire a asidi ndi alikali pa kutentha kwa madigiri 25 pokha. Madzi akatentha amamasula maayoni ambiri, ndipo madzi oyera pa madigiri 50 ali ndi pH pafupifupi 6.6. Sanasanduke asidi, chifukwa maayoni a haidrokosaidi, a mbali ya alikali, achuluka mofanana. Muyesowu sunatsekedwenso pa 0 ndi 14: asidi wamphamvu wosasungunula amatsika kupitirira 0, kungoti pepala ndi mita wamba sizidalirika kumeneko.

Pali kanthu kena kakang'ono komwe mita ikuonetseni pa A1. M'malo mwa 1.0 mudzawerenga pafupifupi 1.1, ngakhale mutayeza zonse mosamala. Maayoni akathithikana amakokana ndi anzawo a mphamvu yosiyana, ndipo sagwira ntchito momasuka ngati ali patalipatali. Chomwe mita imamva ndi mphamvu yogwira ntchito ya maayoniwo, osati chiwerengero chawo chenicheni. M'madzi osungunula kwambiri ziwirizi zimafanana, ndiye njira ija ya log imakwana pa ntchito ya kusukulu.

Mita nayo imafuna chisamaliro. Ikonzeni ndi mabafa a pH 7 ndi pH 4 tsiku lomwelo musanayambe, tsukani nsonga yake ndi madzi otcheza pakati pa kapu ndi kapu, ndipo gunditsani kapepala kofewa kuti dontho lichoke, osapukuta. Poisunga, nsonga ikhale m'madzi ake osungira a potaziyamu kolorayidi. Ikauma, kapena ikasungidwa m'madzi otcheza, imayamba kuyankha mochedwa ndipo nambala imangoyendayenda osakhazikika. Mukaona A1, A2 ndi A3 zikusiyana ndi 0.7 m'malo mwa sitepe yathunthu, kaikirani mita kapena madzi, osati asidi.

Kumunda ndi chimodzimodzi

Mlimi akayezetsa dothi n'kuuzidwa kuti pH ndi 5, wauzidwa za maayoni omasuka m'madzi a m'dothimo basi. Dothi limakhala ngati asidi wofooka: timibulu ta dongo ndi manyowa owola timagwira haidrojeni ndi aluminiyamu wambiri, ndipo laimu akadya omasuka, timamasula ena. Choncho minda iwiri ya pH 5, wina wa mchenga wina wa katondo, sifuna laimu wofanana. Wa mchenga uli ngati A3, nkhokwe yake ndi yaing'ono, ndipo laimu wochepa amaukweza msanga, mwinanso kupitirira muyeso. Wa katondo uli ngati B1. Potumiza dothi kokayezetsa, pemphani kuti kuwonjezera pa pH akuyezereninso kuchuluka kwa laimu wofunika pa munda umenewo, chifukwa kuyeza kumeneko n'kosiyana ndipo kumafanana ndi gawo lachitatu lija.

Mukamaliza, phatikizani zotsala za m'makapu onse m'ndowa ya pulasitiki yokhala ndi madzi malita awiri, thiranimo soda wophikira pang'onopang'ono mpaka thovu litasiya kutuluka, yezani ndi pepala kuti pH ili pakati pa 6 ndi 8, kenako tayani m'sinki uku madzi akuyenda. Byureti itsukeni katatu tsiku lomwelo, chifukwa alikali akaumira m'kampopi kake kagalasi, kamamatirira osatsegukanso.